Katundu akapanda kuyenda, chisinthe n'chiyani: wogula kapena katunduyo?

Pa kamayeso koyamba ka phunziro la maketing'i, funso limodzi silisowa: fotokozani kusiyana kwa lingaliro la seling'i ndi lingaliro la maketing'i. Ophunzira ambiri a chaka choyamba amaliwona ngati lopepuka, ndipo amalemba mofulumira kuti seling'i ndi kugulitsa katundu pamene maketing'i ndi kutsatsa malonda pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Yankho limeneli limamveka lanzeru koma mphunzitsi amalidula ndi cholembera chofiira, chifukwa kutsatsa malonda mwamphamvu ndi chida chachikulu cha lingaliro la seling'i lomwelo. Wophunzira wotere wangotchula chinthu chimodzi kawiri.

Choyamba kudziwa n'chakuti funsoli silikufunsa za ntchito ziwiri za pa kampani. Likufunsa za maganizo awiri amene eni bizinesi amayendera. Kampani ya lingaliro la seling'i ili ndi anthu ogulitsa ndipo imatsatsa malonda. Kampani ya lingaliro la maketing'i nayonso ili ndi anthu ogulitsa ndipo imatsatsa. Mutaziyang'ana muli panja, tsiku limodzi lokha, mwina simungazisiyanitse. Kusiyana kumawonekera pamene katundu waunjikana m'nyumba yosungira ndipo anthu sakumugula. Kampani yoyamba imati vuto lili mwa ogula, tiyeni tiwakope mpaka agule. Yachiwiri imati mwina vuto lili mwa katundu wathu, tiyeni tikafunse. Wina akufuna kusintha wogula kuti agwirizane ndi katundu, wina akufuna kusintha katundu kuti agwirizane ndi wogula.

Lingaliro la seling'i limayambira pa chikhulupiriro chakuti anthu akasiyidwa okha sagula katundu wa kampaniyo mokwanira. Ndi aulesi pogula, kapena ndi okayikakayika, choncho ayenera kukankhidwa. Kampani imapanga zimene makina ake amatha kupanga, kenako imatumiza anthu ogulitsa, imatsitsa mitengo kwa masiku ochepa, imachititsa mipikisano yopatsa mphoto, imadzaza wailesi ndi mauthenga. Phindu limayembekezeka kuchokera ku kuchuluka kwa katundu amene watuluka. Zoti wogulayo akasangalala naye kunyumba kapena ayi, lingaliroli silizifunsa kwenikweni. Limangoganiza kuti wokhumudwa adzaiwala, kapena kuti ogula atsopano ndi ambiri.

Lingaliro la maketing'i limati kampani idzapeza phindu ikadziwa zosowa ndi zofuna za gulu la anthu limene yasankha kulitumikira, n'kuzikwaniritsa bwino kuposa opikisana nayo. Pali zigawo zitatu m'chiganizo chimenechi ndipo mphunzitsi amafuna kuziwona zonse: gulu losankhidwa la ogula, zosowa zawo, ndi kupambana opikisana nawo. Ambiri amaiwala chachitatu. Kukondweretsa wogula kokha sikukwanira ngati sitolo yoyandikana nayo ikumukondweretsa koposa.

Maganizowa ali ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi ku America wa zaka za m'ma 1950. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale a kumeneko ankapanga katundu wambiri ndipo ogula anali ndi posankha pambiri. Kupanga sikunalinso vuto. Vuto linali kupeza wogula ndi kumusunga. Mu 1954 Peter Drucker analemba kuti bizinesi imakhalapo n'cholinga chakuti ipeze wogula. Mu 1960 Theodore Levitt wa ku sukulu ya zamalonda ya Harvard anatulutsa nkhani mu magazini ya Harvard Business Review imene imawerengedwabe mpaka lero. Iye anati makampani a sitima zapamtunda ku America sanafooke chifukwa chakuti anthu anasiya kuyenda kapena kunyamula katundu. Anthu ankayenda kuposa kale, koma pa magalimoto, malole ndi ndege. Eni njanji ankadziwona ngati anthu a bizinesi ya sitima pamene ogula ankangofuna kufika kumene akupita. Mu nkhani yomweyo Levitt anasiyanitsa malingaliro athu awiriwa motere: kugulitsa kumasamala chosowa cha wogulitsa, chomwe ndi kusandutsa katundu wake kukhala ndalama, pamene maketing'i amasamala chosowa cha wogula. Mukakumbukira dzina limodzi ndi chaka chimodzi pa mutuwu, likhale la Levitt ndi 1960.

Koma mabuku amene makoleji ambiri amagwiritsa ntchito ndi a Philip Kotler wa ku yunivesite ya Northwestern, makamaka limene analemba ndi Gary Armstrong, ndipo mayankho amene aphunzitsi amayembekezera amachokera pa chithunzi cha m'mabukuwo. Chithunzicho chimayerekeza malingaliro awiriwa pa zinthu zinayi: poyambira, chimene maso ali pa icho, njira, ndi mapeto. Seling'i imayambira ku fakitale, maso ake ali pa katundu amene alipo kale, njira yake ndi kugulitsa ndi kutsatsa, mapeto ake ndi phindu lochokera ku kuchuluka kwa zogulitsidwa. Maketing'i amayambira ku msika, maso ake ali pa zosowa za ogula, njira yake ndi maketing'i ogwirizanitsa mbali zonse, mapeto ake ndi phindu lochokera ku kukhutira kwa ogula. Kotler amati loyamba limayang'ana kuchokera m'kati kupita kunja, lachiwiri kuchokera kunja kulowa m'kati.

Mukhoza kuloweza zinayizi pamtima usiku umodzi n'kukhoza funso la mtundu wa "tchulani". Zimavuta pamene mphunzitsi wakupatsani kankhani ka kampani n'kufunsa kuti ikutsata lingaliro liti. Pamenepo kuloweza sikuthandiza, muyenera kuziwona zinayizo zikugwira ntchito. Ndiye tiyeni tiyerekeze bizinesi imodzi ndi manambala ake. Manambalawa ndi ongopeka kuti tiwerengere, si mitengo ya pamsika lero.

Gulu la alimi a mtedza ku Mchinji lagula makina opera chiponde. Makinawo amatha kupera makilogalamu 1,000 pa mwezi, ndipo gululo limathira chipondecho m'mabotolo a magalamu 500, kutanthauza mabotolo 2,000. Botolo limodzi limawadyera K3,000 kuti lipangidwe ndipo amaligulitsa kwa eni magolosale pa K4,000. Phindu pa botolo ndi K1,000. Vuto n'lakuti mwezi uliwonse akugulitsa mabotolo 1,200 okha. Mabotolo 800 akutsala, ndipo m'mabotolo amenewo mwagona K2,400,000 ya gululo, ndalama yomwe ikanagula mtedza wina. Chiponde sichidikira mpaka kalekale, chili ndi tsiku lake lothera mphamvu.

Pamsonkhano, bambo amene amayang'anira malonda akuimirira ndi nzeru yawo. Chiponde chathu n'chabwino, akutero, koma anthu sakuchidziwa ndipo eni magolosale ndi amantha. Tilembe anyamata oyenda sitolo ndi sitolo, tiziwapatsa K200 pa botolo lililonse limene agulitsa. Titsitse mtengo ndi K300 kwa mwezi umodzi. Tiike K300,000 pa uthenga wa pa wailesi. Gulu likuvomera, ndipo mwezi umenewo mabotolo onse 2,000 akutuluka. Phindu pa botolo latsika kuchoka pa K1,000 kufika pa K500, chifukwa K200 yapita kwa anyamata ndipo K300 yatsala m'thumba la mwini golosale. Mabotolo 2,000 abweretsa K1,000,000, tikachotsa za wailesi patsala K700,000. Si zambiri, koma nyumba yosungira yapepuka ndipo ndalama zabwerera m'manja. Aliyense akuwomba m'manja.

Mwezi wotsatira anyamata aja akubwerera m'magolosale n'kupeza mabotolo awo akadali pa shelefu. Katundu anachoka ku fakitale koma sanafike m'makhitchini. Eni magolosale akukana kuwoda wina, ndipo amene akuvomera akufunsa za mtengo wotsika uja, chifukwa auzolowera. Maoda atsika mpaka kuchepera pa 1,200 akale. Apa gulu likhoza kubwereza mankhwala omwewo mowirikiza, kuwonjezera komishoni ndi kutsitsanso mtengo, ndipo mabizinesi ambiri amaterodi. Onani kuti pa zonsezi palibe amene wakhudza chipondecho, botolo lake kapena kukula kwake. Zonse zimene zasintha ndi mphamvu yokankhira. Chimenechi ndicho chizindikiro chachikulu cha lingaliro la seling'i mukachipeza m'kankhani ka pa mayeso.

Tsopano tibwerere pa msonkhano woyamba uja, koma amene akuimirira akhale mayi wina wa m'komiti. Iwo akufunsa kuti kodi amene amagula chiponde chathu ndani, ndipo amachidya bwanji? Palibe amene akuyankha motsimikiza. Gulu likutuma anthu awiri kuti akakhale m'magolosale a ku Mchinji boma ndi m'madera ena a Lilongwe kwa masabata angapo, akacheze ndi ogula ndi eni masitolo. Tiyerekeze kuti akubwera ndi zinthu zitatu. Ogula ambiri ndi amayi amene amathira chiponde m'phala la ana, osati opaka pa buledi monga gulu linkaganizira. Ambiri mwa iwo amapeza ndalama ya tsiku ndi tsiku, choncho botolo lalikulu limawakulira mtengo ngakhale amachifuna chipondecho. Ndipo chivindikiro chimadontha mafuta, moti eni magolosale amaliika botololo pansi pa shelefu kuti lisadetse katundu wina.

Palibe uthenga wa pa wailesi umene ukanakonza zinthu zitatuzi. Gulu likusankha amayi a ana aang'ono ngati msika wake weniweni. Likuyamba kuthira chiponde m'timabotolo ta magalamu 200 ta chivindikiro cholimba. Kabotolo kamodzi kakudya K1,400 ndipo akukagulitsa K1,900, phindu K500. Akusiya kudalira masitolo akuluakulu okha n'kukafika m'maokala a m'makwalala momwe amayiwo amagula sopo ndi mchere. Pa chizindikiro cha kabotolo akujambulapo mbale ya phala. Kufufuza kuja pamodzi ndi kusintha mabotolo kwawadyera K1,500,000 ndi miyezi iwiri, ndipo m'miyezi imeneyo mabotolo akale anali akuunjikanabe. Ziyenera kunenedwa zimenezi, chifukwa lingaliro la maketing'i ndi lochedwa komanso lodula poyamba.

Pakatha miyezi ingapo, tinene kuti akugulitsa timabotolo 3,000 ndi mabotolo aakulu 700 pa mwezi. Timabotolo tabweretsa K1,500,000, aakulu K700,000, zonse pamodzi K2,200,000. Chiponde chimene chatuluka ndi makilogalamu 950, chocheperako pa chimene bambo aja anatulutsa m'mwezi wawo wa mtengo wotsika, koma phindu ndi loposa katatu, ndipo likubwera mwezi ndi mwezi popanda komishoni. Mayi mmodzi amene akugula kabotolo kamodzi pa mwezi kwa zaka zitatu amabweretsa phindu la K18,000. Munthu amene wakopedwa kugula botolo lalikulu kamodzi, n'kulipeza likudontha m'chikwama, amabweretsa K500 basi, komanso amakauza anzake kumpopi. Pa mayeso zimenezi amazitchula kuti seling'i imafuna kugulitsa kwa lero pamene maketing'i amafuna ubale wa nthawi yaitali ndi wogula.

Manambalawa ndawasankha kuti mayi aja apambane, ndipo pa msika weniweni sizikhala choncho nthawi zonse. Chofunika kuwona ndi zimene zinasintha. Katundu anasintha, mtengo unasintha, malo ogulitsira anasintha, uthenga unasintha, ndipo zonse zinasintha moyang'ana munthu mmodzi, mayi wophika phala uja. Zinayizi, katundu, mtengo, malo ndi kutsatsa, ndi zimene Jerome McCarthy anazisonkhanitsa mu 1960, zimene m'kalasi mumazitcha ma P anayi. Mawu akuti maketing'i ogwirizanitsa mbali zonse akutanthauza zimenezi, komanso akutanthauza kuti wopera mtedza, wogula mabotolo, wosunga ndalama ndi woyendetsa galimoto onse akugwirira wogula yemweyo. Mu lingaliro la seling'i, wogula ndi nkhani ya anyamata ogulitsa okha, ena onse amangopanga. Kuchokera apa mukhoza kuwona chifukwa chake aphunzitsi amanena kuti kugulitsa ndi kachigawo chabe ka maketing'i: kamagwera pansi pa P mmodzi, wa kutsatsa, ndipo kamabwera kumapeto, katundu atapangidwa kale. Maketing'i amayamba katundu asanapangidwe ndipo amapitirira atagulidwa. Drucker anafika ponena kuti maketing'i akachitika bwino, kukakamiza munthu kugula sikufunikanso.

Nkhani yeniyeni yosonyeza kampani ikusintha katundu chifukwa cha zimene ogula achita ndi ya M-Pesa ku Kenya. Mu 2005 Vodafone ndi Safaricom anayesa njira yotumizira ndalama pa foni m'dera la Thika, ndi thandizo la ndalama lochokera ku boma la Britain. Cholinga chinali chakuti anthu otenga ngongole zing'onozing'ono ku bungwe la Faulu azibweza ngongolezo pa foni. Oyendetsa ntchitoyo atayang'ana mmene ndalama zinkayendera, anawona kuti anthu akuigwiritsa ntchito m'njira zimene iwo sanakonze: kutumizirana ndalama okhaokha, kulipirana pa malonda, kusungamo ndalama poyenda ulendo. Kampani ya maganizo a seling'i ikanatumiza anthu kukawaphunzitsa ogulawo kagwiritsidwe ntchito koyenera. Safaricom inasiya za ngongole zija, ndipo pokhazikitsa M-Pesa mu Marichi 2007 inaiika pa chosowa chimodzi, cha munthu wogwira ntchito m'tauni amene akufuna kutumiza ndalama kumudzi popanda kuzipatsira kondakitala wa basi. Inafalitsa maejenti m'matauni ndi m'midzi kuti wolandira akhale ndi kokatapa. Chaka chimenecho chisanathe, olembetsa anali atapitirira 1 miliyoni. Aliyense amene amatumizira amayi ake ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba akuchidziwa chosowa chimenechi. Dziwaninso kuti Safaricom inatsatsa M-Pesa mwamphamvu kwambiri. Kutsatsa kwambiri pakokha si umboni wa lingaliro la seling'i. Funsani kaye ngati chotsatsidwacho chinachokera kwa ogula kapena ku fakitale.

Mbali inayo nayonso ili ndi nkhani yake yodziwika. Banki ya Wells Fargo ku America inkapatsa antchito ake manambala a maakaunti ndi makhadi amene ayenera kugulitsa, ndipo wolephera ankawopa kuchotsedwa ntchito. Mu Seputembala 2016 zinadziwika kuti antchito anatsegula maakaunti ndi makhadi pafupifupi 2 miliyoni amene mwina eni ake sanawapemphe. Bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni ndipo antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa. Sikuti lingaliro la seling'i ndi lakuba. Koma muyeso wa chipambano ukakhala kuchuluka kwa zogulitsidwa kokha, anthu amapeza njira yokwaniritsira nambala ngakhale wogula palibe.

Musalembe pa mayeso kuti lingaliro la seling'i ndi loipa nthawi zonse, chifukwa funso lotsatira kawirikawiri limakhala lakuti: ndi liti pamene limagwiritsidwa ntchito? Mayankho ndi awiri. Loyamba ndi katundu amene anthu sadzuka m'mawa n'kumaganiza zokagula, amene mabuku amamutcha katundu wosafunidwafunidwa. Inshuwalansi ya moyo ndi ya maliro ndi zitsanzo zimene zimabwera nthawi zonse. Munthu akhoza kuifuna kwambiri inshuwalansi ya maliro, koma ndani amakonda kukhala pansi n'kumawerengera bokosi lake? Pafunika wina amufikire, amufotokozere, amulimbikitse. Kupereka magazi kulinso m'gulu lomweli, n'chifukwa chake a Malawi Blood Transfusion Service amayenda m'masukulu ndi m'malo ena osadikira kuti anthu abwere okha. Lachiwiri ndi pamene kampani ili ndi katundu wochuluka kuposa ogula, monga mabotolo 800 aja. Ngati tsiku lothera mphamvu layandikira, bambo aja akulondola: tsitsani mtengo, tulutsani katundu. Kulakwa kwawo kunali kutenga njira yopulumukira mwezi umodzi ngati njira yoyendetsera bizinesi.

Lingaliro la maketing'i nalonso lili ndi malire, ndipo wophunzira amene awatchula amasiyana ndi anzake. Ogula sanena nthawi zonse zimene akufuna, mwina sazidziwa, mwina amanena china n'kuchita china. Mu 1985 kampani ya Coca-Cola inasintha kakomedwe ka chakumwa chake itayesa pa anthu ambirimbiri amene anati chatsopanocho n'chokoma kuposa chakale. Anthu anakwiya, ndipo pasanathe miyezi itatu chakale chinabwerera m'masitolo. Kafukufukuyo anayeza lilime koma sanayeze chikondi chimene anthu anali nacho pa chakumwa chimene anakula nacho. Anthu a ku Thika aja sanapemphenso M-Pesa ndi pakamwa. Anaonetsa ndi zochita, ndipo kampani inali maso. Choncho kutsata ogula sikutanthauza kungogawa mapepala a mafunso.

Malire ena ndi akuti chimene wogula akufuna chikhoza kumupweteka. Mowa waukali wa m'timasacheti unakwaniritsa bwino lomwe zofuna za ogula ake: wotchipa, wopezeka paliponse, wolowa m'thumba la malaya. Unafikanso m'manja mwa ana asukulu. Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, ndipo Malawi nayenso analetsa masacheti. Apa ndi pamene pamabwera lingaliro lina, la maketing'i osamala za anthu onse, limene limati kampani iyang'ane zinthu zitatu: phindu lake, zofuna za wogula, ndi ubwino wa dziko wa nthawi yaitali. Kwa alimi athu a ku Mchinji, zimenezi zikutanthauza kutaya mtedza wa chuku ngakhale mayi wogula sangauzindikire m'chiponde, chifukwa poizoni wa chukuyo akakathera m'phala la mwana.

Malingalirowa m'mabuku a Kotler ndi Armstrong alipo asanu, ndipo mafunso osankha yankho amakonda kuwasakaniza. Awiri oyambirira ndi amene amakola anthu. Lingaliro la kapangidwe limati anthu amagula chimene chikupezeka ndipo n'chotchipa, choncho panga zambiri pa mtengo wotsika. Chitsanzo chake ndi Henry Ford ndi galimoto ya Model T imene inatuluka mu 1908, yomwe kwa zaka zambiri inkapangidwa yakuda yokhayokha kuti ntchito iziyenda msanga. Lingaliro la katundu limati anthu amagula chinthu chabwino koposa, choncho limbikira kuchikonza. Onse awiriwa amayambira m'kati mwa kampani monga seling'i, koma alibe kukankha. Mukawona mawu onena za kuchepetsa ndalama zopangira ndi kufalitsa katundu paliponse, ganizani za kapangidwe. Mukawona akatswiri akuwonjezera luso pa chinthu popanda kufunsa aliyense, ganizani za katundu. Mukawona komishoni, manambala oti ogulitsa akwaniritse, mipikisano ndi kutsitsa mitengo pa chinthu chimene sichinasinthe, ndi seling'i.

Pali msampha winanso pa nkhani ya phindu. Ena amalemba kuti seling'i imafuna phindu pamene maketing'i amafuna kusangalatsa anthu. Ayi. Onse awiri akufuna phindu, akungosiyana njira yolipezera. Gulu la ku Mchinji likanagulitsa kabotolo pa K1,000 amayi akanasangalala kwambiri, koma likanaluza K400 pa kabotolo kalikonse ndipo makina akanaima chaka chisanathe. Chimenecho si lingaliro la maketing'i, ndi mphatso.

Ngati funso lili la mamalikisi ochepa ndipo likuti siyanitsani, musalembe ndime imodzi ya seling'i ndi ina ya maketing'i zosakhudzana. Tengani mfundo imodzi, nenani mbali zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi, kenako pitani pa mfundo ina. Poyambira: iyi fakitale, iyo msika. Maso: iyi pa katundu, iyo pa zosowa za wogula. Mukatha zinayi zija, ngati malo alipo, wonjezerani za nthawi, yaifupi ndi yaitali, ndi chitsanzo chimodzi cha mbali iliyonse. Chitsanzocho chikhale ndi chochitika. Kungolemba dzina la kampani yotchuka n'kunena kuti imatsata maketing'i sikupatsa malikisi. Nenani chimene inamva kwa ogula ndi chimene inasintha.

Yesani kankhani aka. Kampani yosoka mayunifolomu a sukulu yawona kuti malonda atsika. Bwana wake akulamula kuti pachitike kafukufuku, ndipo anthu akutumidwa kukafunsa makolo kuti amamvera wailesi iti, nthawi yanji, ndiponso ndi mawu otani amene angawakope. Zotsatira zitabwera, kampani ikukonza uthenga watsopano n'kuuika pa wailesi imene makolo ambiri amamvera. Kodi ikutsata lingaliro liti?

Ambiri akawona mawu akuti kafukufuku ndi makolo amathamangira ku maketing'i. Koma yang'anani chimene chinafunsidwa. Palibe amene anafunsa makolo ngati nsaluyo imatha msanga, ngati mabatani amathothoka, ngati masayizi amakwana ana awo, kapena ngati mtengo ukugwirizana ndi nthawi yotsegulira sukulu pamene akulipiranso fizi. Kafukufukuyo anali wofuna njira yabwino yokopera anthu kuti agule yunifolomu yomwe ija. Poyambira ndi pa makina osokera, maso ali pa katundu amene alipo, njira ndi kutsatsa. Yankho ndi lingaliro la seling'i, ndipo chifukwa chimene mulembe n'chakuti yunifolomuyo yatuluka m'nkhaniyi monga momwe inalowera.